Zithunzi zafikadi? Kutsimikiza zomwe mwakopera pogwiritsa ntchito chekisamu

Aliyense wojambula zithunzi pa maukwati amaidziwa ntchito ya Loweruka usiku. Khadi la m'kamera ladzaza, ndipo khadi lomwelo likufunika mawa ku chinkhoswe cha anthu ena. Amalowetsa khadi mu laputopu, nakopera foda yonse pa disiki yosungirapo, kamzere kobiriwira kayenda mpaka kumapeto, kenako amafomata khadi. Kuyambira pamenepo zithunzi za ukwati uja zili malo amodzi okha, ndipo munthuyo sanawonepo umboni uliwonse woti zomwe zili pa disikiyo ndi zomwezo zinali pa khadi. Chomwe wawona ndi chakuti kompyuta sinadandaule.

Ochenjera amawonjezera china. Amadina foda ya pa khadi ndi ya pa disiki, nkuyerekeza kuchuluka kwa mafayilo ndi kukula kwa foda iliyonse. Izi n'zabwino ndipo zimagwira fayilo yomwe yatsalira, koma zimafanana ndi munthu amene walandira chimanga nkuwerenga matumba, nkuwayeza pa sikelo, osamasula ngakhale limodzi. Matumba akwanira, kulemera kwakwana, koma za anankafumbwe omwe ali m'katimo sikelo singanene. Fayilo itha kukhala ndi dzina lake lenileni, tsiku lake, ndi kukula kwake mpaka baiti yomaliza, pamene theka la m'kati mwake ndi maziro okhaokha. Zimachitika chifukwa mapulogalamu ambiri okopera amayamba asungiratu malo a fayilo yonse pa disiki, kenako nkumalembamo pang'onopang'ono. Magetsi akazima, kapena chingwe chikagwedezeka kulembako kusanathe, chotsala ndi fayilo yokwana msinkhu koma yopanda kanthu kumapeto kwake.

Ena amatsegula foda nkuyang'ana tizithunzi ting'onoting'ono tomwe timawoneka pa sikirini. Apa ndiye pamanyenga kwambiri. Kamera imasunga kachithunzi kakang'ono, kawirikawiri ka mapikiselo 160 mwa 120, koyambirira kwa fayilo ya JPEG, ndipo mafayilo a RAW amakhalanso ndi chithunzi cha JPEG chowonera msanga m'kati mwake. Kompyuta ikhoza kukuwonetsani kachithunzi kameneka kali bwinobwino pamene chithunzi chenicheni chinawonongeka. Mumadzazindikira tsiku lotsukitsa: mutu wa mkwatibwi ukuwoneka, koma kuyambira m'mapewa kutsika pali dera lotuwa, kapena mitundu yasokonekera. Ndipo palibe angatsegule zithunzi zikwi ziwiri chimodzichimodzi usiku wa Loweruka.

Chekisamu imachita ntchito yomwe diso silingathe. Pulogalamu imawerenga fayilo yonse, baiti iliyonse kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, nkuyendetsa mabaitiwo m'masamu okhazikika, nkutulutsa nambala yaifupi yomwe kutalika kwake sikusintha. Njira yodziwika kwambiri lero ndi SHA-256, yomwe bungwe la miyezo la ku America, NIST, linafalitsa koyamba mu 2001. Imatulutsa mabiti 256, omwe amalembedwa ngati zilembo 64 zosakaniza manambala 0 mpaka 9 ndi zilembo a mpaka f. Fayilo yomwe muli zilembo zitatu zokha `abc` imapereka izi, pa kompyuta iliyonse, chaka chilichonse:

```
ba7816bf8f01cfea414140de5dae2223b00361a396177a9cb410ff61f20015ad
```

Vidiyo ya magigabaiti asanu imaperekanso zilembo 64 zokha. Mukasintha biti imodzi yokha m'fayiloyo, pafupifupi theka la mabiti a chekisamu amasintha, kotero nambala yatsopanoyo simafanana ndi yakale ngakhale pang'ono. Kuti mafayilo awiri osiyana apereke chekisamu imodzi mwangozi ndi chinthu chomwe simuyenera kuchiganizira, poti kuchuluka kwa machekisamu otheka ndi nambala ya madijiti 78. Zindikiraninso kuti dzina la fayilo ndi tsiku lomwe foda imawonetsa sizilowa m'masamuwa. Mukasintha dzina la chithunzi chekisamu imakhala yomweyo, chifukwa imayang'ana za m'kati zokha.

Pali mkangano womwe anthu a makompyuta amaukonda, wa kuti MD5 ndi yoyenera kapena ayi. MD5 inapangidwa ndi Ronald Rivest mu 1991 ndipo imatulutsa zilembo 32. Mu 2004 gulu la Wang Xiaoyun ku China linawonetsa kuti munthu angathe kupanga dala mafayilo awiri osiyana okhala ndi MD5 imodzi, ndipo mu 2017 akatswiri a Google ndi a CWI ya ku Amsterdam anachita zomwezo ndi SHA-1. Nkhani imeneyi ndi yaikulu kwa amene akuopa mbava yodziwa masamu. Kwa wojambula, mdani ndi chingwe chotha ndi disiki yokalamba, ndipo chingwe sichipanga chiwembu. MD5 imagwira bwinobwino kuwonongeka kwa mwangozi. Komabe ine ndingasankhe SHA-256, pa chifukwa chosavuta: ilipo kale pa Windows, pa macOS ndi pa Linux, ndipo nthawi zambiri chomwe chimachedwetsa ntchitoyi ndi kuwerenga disiki, masamu si kwenikweni.

Tiyerekeze tsono kuti khadi ndi la magigabaiti 64, ndipo mu foda yake ya `DCIM` muli mafayilo 1,840 a magigabaiti 38 onse pamodzi: zithunzi za JPEG, za RAW, ndi mavidiyo ochepa. Choyamba, musanalilowetse, tsitsani kabatani ka m'mbali mwa khadi kuti likhale lotseka. Kabatanika sikaletsa kanthu m'kati mwa khadi, kamangouza chowerengera makhadi kuti chisalembemo, koma zowerengera zambiri zimamvera. Kenako, musanakopere chilichonse ndiponso musanatsegule chithunzi chilichonse, pangani mndandanda wa machekisamu. Pa Linux zimakhala motere:

```
cd /media/khadi/DCIM
find . -type f -exec sha256sum {} + > ~/ukwati.sha256
wc -l ~/ukwati.sha256
```

Mzere woyamba ukukulowetsani m'foda ya pa khadi. Wachiwiri ukufufuza fayilo iliyonse m'fodayo ndi m'mafoda a m'kati mwake, nkulemba chekisamu yake ndi dzina lake m'fayilo ya `ukwati.sha256`. Wachitatu ukuwerenga mizere ya mndandandawo, yomwe iyenera kukhala 1,840. Pa macOS, m'malo mwa `sha256sum` mulembe `shasum -a 256`. Tinthu tiwiri timagwetsa anthu pano. Koyamba, kulowa m'foda ndi `cd` n'kofunika, chifukwa kumachititsa kuti mayina alembedwe kuyambira pa fodayo, monga `./100NIKON/DSC_0412.JPG`, osati kuyambira pa dzina la khadi. Mndandanda wotere ungagwire ntchito pa disiki iliyonse yomwe fodayo yapita. Kachiwiri, mndandanda usalembedwe m'foda yomwe mukuiwerenga. Mukatero umadzilowetsa wokha pakati pa mafayilo ukadali wosatha kulembedwa, ndipo poyesa udzalephera nthawi zonse.

Kuwerenga magigabaiti 38 pa liwiro la mamegabaiti 100 pa sekondi kumatenga mphindi zoposa pang'ono zisanu ndi imodzi. Pa doko lakale la USB 2.0, lomwe limapereka pafupifupi mamegabaiti 30 pa sekondi, ndi mphindi zoposa makumi awiri. Mtengo wa ntchito yonseyi ndi umenewu, nthawi, ndipo muulipira kawiri: powerenga khadi ndi powerenga disiki.

Mndandanda ukatha, tulutsani khadi, mulilowetsenso, kenako mukopere. Kukopera kukatha, tulutsaninso disiki mwa njira yake yoyenera, muizule, muilumikizenso, ndiye muyese. Zikumveka ngati mwambo chabe, koma chifukwa chake ndi chenicheni ndipo anthu ambiri sachidziwa. Kompyuta ikawerenga kapena kulemba fayilo imasunga kope lake m'memori ya m'kati, kuti mukaifunanso isavutike kupita ku disiki. Mukayesa chekisamu mutangomaliza kukopera, mafayilo ena, makamaka omaliza, angawerengedwe kuchokera m'memori imeneyo. Yankho lidzabwera loti zonse zili bwino, koma mwayerekeza memori ndi memori inzake, disikiyo simunaifunse. Mbali ya khadi nayo ili chimodzimodzi. Ngati chowerengera chinaphonya pa fayilo ina popanga mndandanda, ndipo kukopera kwatenga kope lolakwikalo m'memori, mndandanda ndi disiki zidzagwirizana pa cholakwa chimodzi. Kuzula ndi kulowetsanso kumakakamiza kompyuta kuwerenga chipangizo chenicheni, ndipo khadi limakhala lawerengedwa kawiri mosadalirana.

Kuyesako ndi mizere iwiri:

```
cd /media/disiki/Ukwati/DCIM
sha256sum -c --quiet ~/ukwati.sha256
```

Apa `-c` akuuza pulogalamu kuti itenge mzere uliwonse wa mndandanda, ipeze fayilo ya dzina limenelo, iwerengenso chekisamu yake, nkuyerekeza. `--quiet` akubisa mafayilo omwe ali bwino, omwe pakanapanda iye akanadzaza sikirini ndi `OK` kambirimbiri. Ngati palibe chatuluka, ndiye kuti mafayilo onse 1,840 afika monga analili. Koma tinene kuti pa sikirini patuluka, mwa zina, mizere iyi:

```
./100NIKON/DSC_0412.JPG: FAILED
./101NIKON/DSC_1377.MOV: FAILED open or read
sha256sum: WARNING: 1 listed file could not be read
sha256sum: WARNING: 1 computed checksum did NOT match
```

Awa ndi mavuto awiri osiyana. `FAILED open or read` akutanthauza kuti fayiloyo palibe pa disiki, kapena ilipo koma yakanika kuwerengeka. Poti ndi vidiyo, choyamba kuwona ndi kukula kwake. Makhadi oposa magigabaiti 32 amabwera atafomatidwa mwa exFAT, yomwe imalola mafayilo akuluakulu, pamene mafulashi ambiri ndi madisiki ena akale ali pa FAT32, yomwe silandira fayilo yokwana magigabaiti 4. Ngati vidiyo ya malumbiro a ku tchalitchi ndi ya magigabaiti 5, inakanidwa pakhomo. Mwina uthenga unabwera pakati pa kukopera ndipo munthu wotopa anangodina `Skip`. Mankhwala ake ndi disiki ya exFAT kapena NTFS, osati kuyesanso kukopera pomwepo.

`FAILED` wopanda mawu ena akutanthauza kuti fayilo ilipo, yawerengeka, koma za m'kati sizomwe zinali pa khadi pamene mndandanda unkapangidwa. Musathamangire kukoperanso. Yambani mwafunsa khadi kachiwiri, pothamangitsa `sha256sum` pa `DSC_0412.JPG` ya pa khadi yokha. Ngati nambala yatuluka yofanana ndi ya m'mndandanda, khadi lili bwino ndipo kope la pa disiki ndilo lowonongeka. Koperani fayiloyo, muzule disiki, muyesenso. Koma ngati khadi lapereka nambala ina yachilendo, ndipo mukalitulutsa nkulilowetsanso likupereka inanso, vuto lili pa kuwerenga: khadi lenilenilo, chowerengera, chingwe, doko, kapena memori ya laputopu. Sinthani chimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira chotsika mtengo, chingwe ndi doko, mpaka mutapeza nambala yobwereza yomweyo. Panthawi imeneyi chilichonse chomwe mwakopera kudzera pa zipangizo zimenezo n'chokayikitsa.

Mukafuna kudziwa kuti kuwonongekako n'kotani, lamulo la `cmp -l` likapatsidwa mafayilo awiriwo limalemba malo a baiti iliyonse yosiyana. Kawonekedwe ka kusiyanako kamanena zambiri. Baiti imodzi kapena ziwiri pakati pa fayilo zimaloza ku memori kapena ku chipangizo chodwala. Mabaiti zikwizikwi otsatizana omwe pa disiki ndi maziro amaloza ku kulemba komwe kunadukizidwa. Kusiyana komwe kwayambira koyambirira kwenikweni kwa fayilo, kukula nakonso kutasintha pang'ono, nthawi zambiri si kuwonongeka konse, ndipo tifikako posachedwa.

Pali kawonekedwe kamodzi koyenera kukadziwa bwino kwa aliyense wogula mafulashi ndi makhadi pa msika kapena m'mbali mwa msewu. Mafayilo oyambirira onse ali bwino, kenako kuyambira pa fayilo inayake onse otsatira akulephera. Iyi ndi fulashi yabodza. Pa chikuto palembedwa magigabaiti 64, kompyuta nayo ikuwonetsa 64, chifukwa kachipangizo ka m'kati kanasinthidwa kuti kazinena choncho, pamene malo enieni ndi 8 kapena 16 okha. Malo enieniwo akadzaza, fulashi imapitiriza kulandira mafayilo osadandaula, koma imawataya, ndipo zina zimabwerera kukalemba pamwamba pa mafayilo oyamba aja. Mayina onse amawoneka m'foda, kukula kwake kuli kolondola. Kuwerenga mafayilo ndi kuyerekeza kukula sikungaigwire, chekisamu ndiyo imaigwira, makamaka mukazula ndi kulumikizanso. Chipangizo chatsopano chiyesedwe chisanalandire zithunzi za munthu. H2testw pa Windows ndi F3 pa Linux ndi macOS zimadzaza chipangizo chonse nkuwerenganso, nkukuwuzani malo enieni.

Ojambula ambiri kuno ali pa Windows, komwe `sha256sum` sabwera ndi kompyuta. PowerShell ya mu Windows 10 ndi 11 ili ndi `Get-FileHash`, yomwe imagwiritsa ntchito SHA-256 mukapanda kuiwuza ina. Ntchito yomwe ija imalembedwa motere, khadi litakhala `E:` ndipo disiki `F:`:

```
function Mndandanda($foda) {
  Get-ChildItem -LiteralPath $foda -Recurse -File | ForEach-Object {
    (Get-FileHash -LiteralPath $_.FullName).Hash + "  " +
      $_.FullName.Substring($foda.Length)
  }
}
Mndandanda "E:\DCIM" | Set-Content ukwati.txt
Compare-Object (Get-Content ukwati.txt) (Mndandanda "F:\Ukwati\DCIM")
```

Mzere wa `Set-Content` muuthamangitse musanakopere, wa `Compare-Object` mutakopera ndi kulumikizanso disiki. `Substring` akudula mbali yoyambirira ya dzina, ya `E:\DCIM` kapena `F:\Ukwati\DCIM`, kuti mayina a mbali ziwirizo afanane. Popanda kudulako mzere uliwonse ukanawoneka wosiyana. Zikagwirizana zonse palibe chotuluka. Mzere wokhala ndi `<=` uli m'mndandanda wokha, kutanthauza fayilo yomwe sinafike. Wokhala ndi `=>` uli pa disiki pokha. Fayilo yowonongeka imatuluka kawiri, dzina limodzi ndi nambala ziwiri zosiyana, mzere wina `<=` ndi wina `=>`.

Njira imeneyi ili ndi ubwino umodzi womwe `sha256sum -c` alibe. Iye amangoyang'ana mafayilo omwe ali m'mndandanda, ndipo fayilo yowonjezera yomwe ili pa disiki sainena. Nthawi zambiri izi zilibe vuto, popeza zowonjezerazo zimakhala tinyenyeswa monga `.DS_Store` ndi mafayilo oyamba ndi `._` omwe macOS imasiya. Koma zikhozanso kukhala zithunzi za ntchito ina zomwe zinalowa m'foda yolakwika, kotero kuwerenga mafayilo a mbali zonse kusasiyidwe.

Wina afunsa ngati mapulogalamu okopera sachita kale zimenezi. `robocopy` wa pa Windows amayang'ana kukula ndi nthawi posankha zokopera, sayerekeza za m'kati. `rsync` nayenso, mukapanda kumuwuza zina, amadalira kukula ndi nthawi, ndipo ngakhale amatsimikiza kuti zomwe zatumizidwa zalandiridwa bwino, sabwerera kukawerenga zomwe zalembedwa pa disiki. Mukamupatsa `-rnci` ndi mafoda awiriwo amawerenga mbali zonse nkutchula mafayilo osiyana popanda kusintha kanthu. Ndi njira yachidule yabwino, koma siisiya mndandanda, ndipo m'kupita kwa nthawi mndandandawo ndi umene uli ndi phindu lalikulu.

Tibwerere ku kusiyana komwe si kuwonongeka. Chekisamu sidziwa kuti chithunzi n'chiyani, imangodziwa mabaiti. M'fayilo ya chithunzi mulinso zolemba za kamera: tsiku, mtundu wa lenzi, mbali yomwe chithunzi chiyenera kuimira, nthawi zina ndi malo omwe chinajambulidwa. Mukatembenuza chithunzi m'pulogalamu yowonera, kuchipatsa nyenyezi, kapena kulembapo dzina la munthu, pulogalamuyo ikhoza kulemba zimenezi m'fayilo momwemo. Chithunzi chikuwoneka chimodzimodzi koma chekisamu yasintha yonse. Lightroom, mwachitsanzo, ikawuzidwa kusunga zolembazi, imazilowetsa m'kati mwa mafayilo a JPEG ndi DNG, pamene pa mafayilo a RAW a makampani a makamera, monga NEF, imalemba kafayilo ka `.xmp` pambali nkusiya fayilo yaikulu osaikhudza. Nzeru yake ndi kukhala ndi foda imodzi ya zithunzi zochokera pa khadi yomwe simugwiramo ntchito, ndipo yoyesedwa ndi mndandanda ikhale imeneyo.

Mayina nawo amapusitsa. Foda yolembedwa `Malaŵi` ikhoza kulephera kupezeka ikadutsa pa makompyuta osiyana, chifukwa chilembo ŵ chimasungidwa m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatidwa ndi kachizindikiro kake. Madisiki a Mac a mtundu wakale wa HFS+ amasunga m'njira yachiwiriyi. Pa sikirini mayinawo ndi ofanana, koma kwa Linux ndi mayina awiri, ndipo mafayilo onse a m'fodayo adzatuluka `FAILED open or read` ali bwinobwino. Foda yonse ikalephera pamodzi motero, kayikirani dzina musanakayikire disiki. Choopsa kuposa ichi ndi mayina obwereza. Kamera imawerenga zithunzi mpaka 9999 nkuyambiranso m'foda yatsopano, ndipo makamera awiri a kampani imodzi pa ukwati umodzi onse adzakhala ndi `DSC_0412.JPG`. Mukathira zonse m'foda imodzi nkuvomera kuti chatsopano chilowe m'malo mwa chakale, chithunzi chimodzi chapita. Khadi lililonse likhale ndi foda yake ndi mndandanda wake.

Zithunzi za m'foni zili ndi mavuto akeake. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa nkupangidwanso, kotero chomwe chafika ndi fayilo ina, ndipo chekisamu yake singafanane ndi ya choyambirira. Chikatumizidwa ngati dokumenti chimafika chonse. Google Photos nayo imachepetsa zithunzi mukasankha `Storage saver`. Foni ya iPhone ikalumikizidwa ku Windows imatha kusandutsa zithunzi za HEIC kukhala JPEG pamene zikukoperedwa, pokhapokha mutasankha `Keep Originals`. Ndipo mafoni ambiri sawoneka pa kompyuta ngati disiki yokhala ndi chilembo chake, kotero malamulo aja safika m'kati mwake mosavuta. Ngati zithunzi zili pa kakhadi ka m'foni, kachotseni mukawerengere pa chowerengera monga khadi la kamera.

Malire aakulu a njira yonseyi ndi awa: chekisamu imayankha funso limodzi lokha, loti kodi mabaiti awa ndi omwe aja analipo pamene mndandanda unkalembedwa. Ngati chithunzi chinawonongeka kale pa khadi, mwina batire linatha kamera ikulemba, chekisamu idzatsimikiza mokhulupirika kuti mwakopera chithunzi chowonongeka popanda kuphonya baiti. Choncho kuyang'ana zithunzi ndi maso sikunathe ntchito, makamaka zomaliza pa khadi ndi za nthawi zomwe sizingabwerezedwe, monga kuvekana mphete. Chekisamu sikonzanso kanthu. Imangonena kuti fayilo yakuti yasintha, ndipo mankhwala ndi kope lina labwino. Pali zida monga `par2` zomwe zimapanga mafayilo owonjezera otha kubwezeretsa mbali yowonongeka, komanso ZFS ndi Btrfs, njira zosungira mafayilo zomwe zimasunga machekisamu zokha nkumawayesa. Kwa wojambula wokhala ndi laputopu imodzi, disiki yachiwiri ndi mndandanda ndi zosavuta kuposa zimenezo, ndipo kwa ine n'zokwanira.

Phindu la kusunga mndandanda limawoneka patapita zaka. Tinene kuti muli ndi madisiki awiri a zithunzi za ukwati uja, ndipo tsiku lina mwawayerekeza nkupeza kuti `DSC_0930.NEF` ndi yosiyana pa awiriwo. Ndi iti yabwino? Kuyerekeza mafoda awiri sikungayankhe, kumangonena kuti akusiyana. Ndipo ngati muli ndi pulogalamu yomwe imafananitsa madisiki yokha, ikhoza kutenga fayilo yodwalayo nkuilemba pamwamba pa yabwino. Mndandanda womwe unapangidwa kuchokera pa khadi tsiku la ukwati ndiwo umaweruza: kope lomwe likugwirizana nawo ndilo lenileni, linalo lifufutidwe nkukoperanso. N'chifukwa chake mndandanda uyenera kuchokera pa khadi, osati pa disiki patapita mwezi, popeza wopangidwa mochedwa umangovomereza chilichonse chomwe wapeza. Ndi kafayilo kakang'ono, mizere 1,840 sifika ngakhale theka la megabaiti. Ikani kope lake pa disiki iliyonse, pambali pa foda ya `DCIM` osati m'kati mwake, ndipo lina mudzitumizire pa imelo.

Madisiki osungidwa m'kabati nawo amadwala mwakachetechete. Fulashi ndi disiki ya SSD zimasunga zinthu ngati mphamvu ya magetsi yotsekeredwa m'timaselo, ndipo zikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa, makamaka pamalo otentha, mphamvuyo imatha kuchucha. Disiki yozungulira imatha kukhala ndi madera omwe sawerengekanso. Kamodzi pa chaka lumikizani disiki iliyonse, muthamangitse mndandanda uliwonse, ndipo musachite madisiki onse awiri tsiku lomwe magetsi akuvutavuta. Fayilo imodzi ikalephera, ibwezeretseni kuchokera pa disiki inayo nkuyesanso. Disiki yomweyo ikadzalepheranso pa fayilo ina ulendo wotsatira, gulani ina musamutse zonse, ndipo yakaleyo musasungirenso zithunzi za anthu.